Tsiku lopuma pa ntchito likuperewera ndi masiku 15, vuto lili pati?

Tadala: Moni nonse. Kuntchito andipatsa mndandanda wa ogwira ntchito ndi masiku awo obadwa, kuti pambali pa dzina lililonse ndilembepo tsiku limene munthuyo adzakwanitse zaka 60 zopumira pa ntchito. Ndikugwiritsa ntchito Excel. Tsiku lobadwa lili mu A2, ndiye ndalemba chonchi:

```
=A2+60*365
```

Koma bambo ena anabadwa pa 14 Malichi 1967, ndipo ikundipatsa 27 Febuluwale 2027. Ndikawerengera pamtima ndikupeza 14 Malichi 2027. Ndayang'ana enanso, onse akuperewera chimodzimodzi. Thandizeni, mndandandawu ukufunika sabata ino.

Yamikani: Achemwali, mwasiya zaka zija zimakhala ndi masiku 366. Febuluwale amafika pa 29 kamodzi pa zaka zinayi zilizonse. Kuyambira 1968 mpaka 2024 zakazo zilipo 15, ndiwo masiku akuperewerawo. Sinthani 365 ikhale 365.25 basi, zitheka.

Tadala: Zoonadi, ndasintha ndipo yabwera 14 Malichi 2027. Zikomo kwambiri achimwene.

Mayi Nachisale: Tadala mwanawe, usathamange nayo kaye. A Yamikani apeza bwino gwero la vutolo, koma mankhwala awowo agwira chifukwa choti 60 imagawika ndi 4 popanda chotsala. Ukachulukitsa 365.25 ndi 60 umapeza masiku 21,915 athunthu, ndipo m'zaka 60 zimenezo masiku a 29 Febuluwale alipodi 15 ndendende. Tsiku limene adzakuuze kuti gulu lina limapuma pa zaka 65 kapena 55, njira imeneyi idzayamba kukunamiza.

Tayesa pa bambo omwewo. Zaka 65 kuchokera pa 14 Malichi 1967 ndi 14 Malichi 2032. Pakati pamenepa masiku a 29 Febuluwale alipo 17, chifukwa pa 15 aja pawonjezeka la 2028 ndi la 2032. Masiku onse ndi 23,742. Koma 365.25 kuchulukitsa ndi 65 ikupereka 23,741.25, ndiye Excel ikuonetsa 13 Malichi 2032. Tsiku limodzi lasowa. Tsono tenga wina wobadwa pa 14 Malichi 1968: iyeyo ali nawo 16 okha, ndipo yankho lake lituluka lolondola. Kuopsa kwake n'kumeneko. Ena pamndandanda akhala bwino, ena alakwika, ndipo ukayesa mayina awiri kapena atatu n'kupeza ali bwino udzakhulupirira mndandanda wonse.

Zaka za munthu sitiwerenga ndi masiku, timawerenga ndi kalendala. Lemba izi:

```
=EDATE(A2,60*12)
```

EDATE imapita patsogolo ndi miyezi yathunthu n'kukaima pa deti lomwelo la mwezi. Zaka 60 ndi miyezi 720.

Yamikani: Mayi, ndamva, koma tsiku limodzi ndi nkhani? Munthu wagwira ntchito zaka 30, tsiku limodzi limuvuta chiyani?

Mayi Nachisale: Likagwera pakati pa mwezi mwina palibe angadandaule. Koma taganizani wobadwa pa 1 Malichi 1967, wopuma pa 65. Njira yanu imubweza pa 29 Febuluwale 2032. Ngati malamulo a pantchitopo amati munthu amapuma kumapeto kwa mwezi umene wakwanitsa zakazo, mwamuchotsa mu Malichi n'kumuika mu Febuluwale. Tsiku limodzi lija lasanduka malipiro a mwezi wathunthu, pamodzi ndi chopereka cha ku penshoni cha mwezi umenewo.

Tadala: Ndayesa EDATE koma yatulutsa nambala, 46460, osati deti.

Mayi Nachisale: Deti lake ndi lomwelo. Excel imasunga madeti ngati nambala ya masiku kuyambira kumayambiriro kwa 1900, ndipo 46460 ndi 14 Malichi 2027. Dina kabokosiko, pita pa Format Cells, sankha Date. Usankhe kalembedwe koonetsa dzina la mwezi, osati manambala okhaokha, kuti diso lako lizitha kugwira cholakwika.

Chisomo: Pepani kulowerera. Ine ndatsala ndi zaka 7 kuti ndipume. Kodi fomula imeneyi ingandiuzenso ndalama zimene ndidzalandire? Ndamva kuti amatenga malipiro omaliza n'kuchulukitsa ndi zaka.

Yamikani: Ayi a Chisomo, pano tikufuna tsiku lokha. Za ndalama ndi nkhani ina, zimadalira mtundu wa penshoni yanu. Yambitsani funso lake padera, anthu akuyankhani.

Chisomo: Chabwino. Komabe tsikulo ndikulifunanso, ndikhala ndikuwerenga.

Kondwani: Ine sindigwiritsa EDATE. Ndimakonda kuphwanya detilo kuti ndiziona chimene chikuchitika:

```
=DATE(YEAR(A2)+60,MONTH(A2),DAY(A2))
```

Chaka chawonjezeka, mwezi ndi tsiku zili momwemo. Ndi chimodzimodzi ndi ya Mayi Nachisale, ndipo aliyense akaiona amaimvetsa.

Mayi Nachisale: Zimafanana pa munthu aliyense kupatula mmodzi, a Kondwani: wobadwa pa 29 Febuluwale. Tengani wobadwa pa 29 Febuluwale 1964. Pa zaka 60 palibe vuto, chifukwa 2024 inali nalo tsiku limenelo. Koma pa zaka 65 tikufika mu 2029, mmene Febuluwale akuthera pa 28. EDATE ikapeza kuti tsikulo kulibe imaima pa tsiku lomaliza la mweziwo, ndiye ipereka 28 Febuluwale 2029. DATE yanuyo siima, imasefukira kutsogolo n'kupereka 1 Malichi 2029. Palibe imene idzakuchenjezeni. Zonse ziwiri zidzangolemba deti looneka bwinobwino.

Kondwani: Ndiye yolondola ndi yangayo. Munthu wobadwa pa 29 sangakwanitse chaka pa 28, tsiku lake lisanafike. Chaka chimatha tsiku la 28 likatha, ndiye tsiku lotsatira, 1 Malichi, ndi pamene wakwanitsa.

Yamikani: Ine ndikuona mosiyana. Anabadwa tsiku lomaliza la Febuluwale, akwanitsenso tsiku lomaliza la Febuluwale. Munthu wa mu Febuluwale mukumusamutsira mu Malichi chifukwa chiyani?

Kondwani: Chifukwa wobadwa pa 28 ndi wobadwa pa 29 sangakwanitse zaka tsiku limodzi. Wina ndi wamkulu kwa mnzake.

Mayi Nachisale: Nonse muli ndi mfundo, ndipo masamu sangakuweruzeni. Chimene chimaweruza ndi lamulo la dziko kapena malamulo a thumba la penshonilo. Tadala, chako n'chakuti uwapeze anthu otere pamndandanda, usalole kompyuta iwasankhire mwakachetechete. Ika izi pambali, paliponse pamene patuluke TRUE ukafunse kwa akuluakulu ako kuti alembe chigamulo chawo:

```
=AND(MONTH(A2)=2,DAY(A2)=29)
```

Bambo Mbewe: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga ndipo nkhaniyi yandikhudza. Ine ndinabadwa pa 1 Ogasiti 1966. Kalata imene ndalandira ikuti tsiku langa lomaliza ndi 31 Julayi 2026. Mnzanga amene timagwira limodzi anabadwa pa 2 Ogasiti chaka chomwecho, ndimamuposa ndi tsiku limodzi lokha, koma yake ikuti 31 Ogasiti 2026. Iye alandira malipiro a Ogasiti, ine ayi. Pa 31 Julayi ndidzakhala ndisanakwanitse n'komwe 60. Ndakhala ndikuganiza kuti wolemba kalatayo anaphonya. Kodi si zija mukunenazi, za tsiku limodzi losowa?

Yamikani: Bambo, zimenezo ndi zomwezo. Wina anagwiritsa 365 kapena china chake. Pitani mukadandaule, akonze.

Mayi Nachisale: Ayi, tisawatume kaye ndi mkwiyo. Bambo Mbewe, kuphonya n'kotheka, koma madeti anu awiriwo akufanana kwambiri ndi lamulo lina lodziwika, moti ndikukayika ngati ili ngozi. Pali kawerengedwe kakale kamene kamati munthu amakwanitsa zaka tsiku loti mawa lake ndi tsiku lake lobadwa. Maganizo ake ndi awa: tsiku limene munabadwa limawerengedwa lathunthu ngati tsiku lanu loyamba, ngakhale munabadwa usiku. Chaka chanu choyamba chinayamba pa 1 Ogasiti 1966 ndipo chinatha pa 31 Julayi 1967. Pa 1 Ogasiti 1967 munali mutalowa kale m'chaka chachiwiri. Mukapitiriza choncho, chaka chanu cha 60 chikutha pa 31 Julayi 2026. Mnzanuyo chake chikutha pa 1 Ogasiti 2026.

Tsono muphatikizepo lamulo lachiwiri, loti munthu amapuma kumapeto kwa mwezi umene wakwanitsa zakazo. Inu mwakwanitsa mu Julayi, mupuma pa 31 Julayi. Mnzanu wakwanitsa mu Ogasiti, agwira mpaka pa 31 Ogasiti. Kwa wobadwa pa 2 mpaka kumapeto kwa mwezi, kubwerera tsiku limodziko sikusintha kanthu, amakhalabe m'mwezi wake. Kumaluma obadwa pa 1 okha.

Si zongopeka. Ku India, malamulo a ogwira ntchito m'boma amanena poyera kuti munthu amapuma tsiku lomaliza la mwezi umene wakwanitsa zaka 60, koma wobadwa pa 1 amapuma tsiku lomaliza la mwezi wam'mbuyo mwake. Ku Amereka nako, a penshoni ya boma amawerenga kuti munthu wakwanitsa zaka tsiku limodzi lisanafike tsiku lake lobadwa, moti wobadwa pa 1 Januwale amaikidwa m'gulu la obadwa chaka cham'mbuyo mwake. Ku Mangalande kunalinso kawerengedwe komweko, mpaka lamulo la mu 1969 linasintha n'kunena kuti munthu amakwanitsa zaka pa chiyambi cha tsiku lake lobadwa lenilenilo. Ndiye mayiko amasiyana, ndipo ngakhale m'dziko limodzi malo antchito akhoza kusiyana.

Bambo Mbewe: Mayi, mwafotokoza momveka, koma mtima wanga sukuvomera. Tsiku limodzi lindidyere mwezi wonse?

Mayi Nachisale: Ndikumvetsa bambo, ndipo sindikunena kuti n'chilungamo. Ndikungoti musanalembe kalata yodandaula, pemphani akuonetseni ndime imene anatsatira. Muyang'anemo zinthu ziwiri. Choyamba, kodi ikunena kuti mumapuma tsiku lenileni lokwanitsa zaka, kapena kumapeto kwa mwezi? Chachiwiri, kodi pali mawu okhudza obadwa pa 1, kapena ofotokoza tsiku limene munthu amatengedwa kuti wakwanitsa zaka? Ngati ndimeyo ikungoti kumapeto kwa mwezi umene munthu wakwanitsa zaka 60, osatchula china, muli ndi poyambira pabwino, chifukwa m'kamvedwe ka anthu onse inu mukwanitsa 60 mu Ogasiti. Pamenepo afunika akuonetseni kumene atenga Julayi.

Kondwani: Palinso kuthekera kwina. Mwina malamulo awo amati munthu asagwire ntchito atakwanitsa 60, ndiye tsiku lomaliza kugwira ndi 31 Julayi ndipo penshoni iyamba pa 1 Ogasiti. Tsiku lomaliza ntchito ndi tsiku loyamba penshoni ndi madeti awiri osiyana, anthu amawasokoneza.

Bambo Mbewe: Zikanakhala choncho mnzangayo akanamaliza pa 1 Ogasiti, osati pa 31.

Kondwani: Zoona, pamenepo mwandigwira. Ndiye ndi za Mayi Nachisale zija.

Tadala: Ndapita kukawerenga malamulo athu chifukwa cha nkhani ya Bambo Mbewe. Akuti kumapeto kwa mwezi umene munthu wakwanitsa zaka 60. Za obadwa pa 1 sanatchule. Ndilembe bwanji?

Mayi Nachisale: Ya kumapeto kwa mwezi ndi iyi:

```
=EOMONTH(A2,60*12)
```

Imapita patsogolo miyezi 720 n'kupereka tsiku lomaliza la mwezi umene yafikamo. Bambo a 14 Malichi 1967 aja atuluka 31 Malichi 2027. Akuluakulu ako akadzanena kuti obadwa pa 1 azibwerera mwezi wam'mbuyo, udzangochotsa tsiku limodzi pa deti lobadwa:

```
=EOMONTH(A2-1,60*12)
```

Ukaiyesa pa 1 Ogasiti 1966 ipereka 31 Julayi 2026, pa 2 Ogasiti 1966 ipereka 31 Ogasiti 2026, ndendende makalata awiri aja. Koma kusankha pakati pa ziwirizi si kwako. Funsa, ndipo yankho likhale lolembedwa. Ine ndikanaika madeti awiri pamndandanda, lina la tsiku lokwanitsa zaka, lina la tsiku lomaliza ntchito, kuti wowerenga aziona mmene lachiwiri lachokera pa loyamba.

Onaninso a Kondwani: wa 29 Febuluwale 1964 uja, mukayamba ndi DATE yanu kenako n'kufuna kumapeto kwa mwezi, pa zaka 65 mumupatsa 31 Malichi 2029. EOMONTH yolunjika pa deti lobadwa imupatsa 28 Febuluwale 2029.

Kondwani: Ndipo ine ndikuonabe kuti 31 Malichi ndiye yomukomera ndiponso yolondola. Koma ndavomera kuti aziikidwa chizindikiro.

Nabanda: Funso langa ndi losiyana pang'ono. Bambo anga mapepala awo akale a kuntchito analemba chaka chokha, 1966, popanda mwezi kapena tsiku. Iwonso sadziwa. Amawerengera bwanji anthu otere?

Yamikani: Amangoika 1 Januwale. Kulikonse amatero.

Nabanda: Mnzawo wina anamuikira 1 Julayi, akuti ndi pakati pa chaka.

Mayi Nachisale: Si kulikonse, a Yamikani. Pali oika 1 Januwale, pali oika 1 Julayi, palinso olola munthu kugwira mpaka pa 31 Disembala. Pakati pa woyamba ndi womaliza pali pafupifupi chaka chathunthu cha malipiro. Ndipo 1 Januwale ikakumana ndi lamulo la obadwa pa 1 lija, bambo anu a 1966 apuma pa 31 Disembala 2025, chaka chawo cha 2026 asanachilawe n'komwe. Anabanda, fufuzani msanga deti limene linalembedwa pa chiphaso chawo ndi limene lili ku thumba la penshoni. Ngati akusiyana ndi la kuntchito, akonzetse tsopano. Kusintha deti lobadwa munthu atatsala pang'ono kupuma kumakayikitsa, ngakhale akunena zoona.

Tadala, iwenso tchera khutu apa. Ukapeza kabokosi kolembedwa 1966 yokha, Excel siidziwa kuti ndi chaka. Imaitenga ngati tsiku la nambala 1966, limene ndi 19 Meyi 1905, ndipo EDATE idzakuuza kuti munthuyo anapuma pa 19 Meyi 1965. Ukamaliza, sanja madeti opumirawo kuyambira lakale kwambiri, zoterezi zidzayandama pamwamba.

Tadala: Alipo atatu otere! Komanso ena akutulutsa #VALUE! ndipo madeti awo akhala kumanzere kwa kabokosi pamene ena ali kumanja.

Yamikani: Amenewo ndi madeti amene Excel ikuwaona ngati mawu wamba. Yesani `=ISNUMBER(A2)`, ikati FALSE ndiye kuti si deti lenileni. Kawirikawiri zimachitika ngati wolemba anayamba ndi tsiku, pamene kompyuta yanu imayembekezera mwezi poyamba. Deti ngati 25/03/1967 imalikana chifukwa kulibe mwezi wa 25.

Mayi Nachisale: Apo a Yamikani alasa. Ndipo amene akutulutsa #VALUE! ndi abwinoko, chifukwa akudziulula okha. Oopsa ndi amene tsiku lawo silipitirira 12. Wolemba analemba 03/04/1967 kutanthauza 3 Epulo, kompyuta n'kuwerenga 4 Malichi, n'kulandira popanda kudandaula. Ngati wapeza ena akanidwa pa chifukwa chimenechi, dziwa kuti anzawo amene alandiridwa akhoza kukhala otembenuzidwa. Usangokonza okanidwawo. Tenga mafayilo a anthu angapo amene tsiku lawo ndi 12 kapena kutsika, ufananize ndi chimene chikuoneka pakompyuta.

Chisomo: Ine kwathu akuti zaka zopumira azikweza pang'onopang'ono, ena adzapuma ndi zaka zakutizakuti ndi miyezi ingapo pamwamba. Pamenepo zimayenda bwanji?

Mayi Nachisale: Mumasandutsa zonse miyezi n'kuphatikiza kamodzi. Zaka 66 ndi miyezi 4 ndi miyezi 796:

```
=EDATE(A2,66*12+4)
```

Ku Britain akukweza zaka za penshoni ya boma kuchoka pa 66 kufika pa 67 mwa njira imeneyi, kwa obadwa kuyambira pa 6 Epulo 1960 mpaka pa 5 Malichi 1961. Wobadwa pa 31 Julayi 1960 gulu lake ndi la zaka 66 ndi miyezi 4, zimene zikugwera mu Novembala 2026. Novembala alibe 31, ndiye iwo analemberatu kuti munthuyo amatengedwa kuti wakwanitsa pa 30 Novembala 2026. EDATE ikupereka lomwelo. DATE ikanasefukira pa 1 Disembala.

Musawonjezere zaka payokha kenako miyezi payokha. Wobadwa pa 29 Febuluwale 1960, mukayamba ndi zaka 66 mufika pa 28 Febuluwale 2026, ndipo miyezi 4 pamwamba pake ikufikitsani pa 28 Juni. Mukaphatikiza kamodzi mufika pa 29 Juni, deti lake lenileni. Onetsetsaninso malire a magulu, chifukwa a ku Britain aja amayambira pa 6 kulekezera pa 5 mwezi wotsatira, osati pa 1.

Bambo Mbewe: Ndapempha ndime ija. Andiyankha kuti ndi mmene amachitira nthawi zonse ndi obadwa pa 1, koma pepala lake sanandionetse. Ndawauza kuti ndidikira pepalalo.

Kondwani: Musasaine kalikonse kovomereza detilo pepala lisanabwere, bambo. Ndipo pempho lanulo likhale lolemba, musunge kope yake.

Yamikani: Ngati akhala akuchita choncho ndi onse, sindikuona akusintha chifukwa cha munthu mmodzi.

Kondwani: Chizolowezi si lamulo. Aonetse pamene zinalembedwa.

Tadala: Pamndandanda wanga obadwa pa 1 alipo angapo, wa 29 Febuluwale mmodzi, a chaka chokha atatu aja. Onsewa ndawapaka mtundu wina ndipo ndasiya malo a tsiku lomaliza ntchito opanda kanthu mpaka abwana ayankhe. Ena onse ndaika EOMONTH. Mayi Nachisale, amene deti la pachiphaso likusiyana ndi la mufayilo, ndigwiritse liti podikira?

Mayi Nachisale: Usasankhe ndiwe. Lemba onse awiri moyandikana, uwerengere tsiku lopuma pa lililonse, ndipo amene madeti awo opumira akugwera m'miyezi 12 ikubwerayi uwaike pamwamba pa mndandanda umene ukupereka kwa abwanawo.